Tinatuluka mu tenda itatsegulidwa kale: zimene tinalemba m'kalata ndi zimene tinachotsamo

Ntchito yanga ndi yokonza mapepala a tenda pa kampani ina yoika magetsi a dzuwa. Pano ndikufotokoza nkhani ya tenda imodzi imene tinatulukamo maenvelopu atatsegulidwa kale. Sinditchula bungwe logula kapena kampani yathu. Mitengo ndiisonyeza potenga mtengo wonse umene tinapereka ngati 100, kuti kukula kwa vuto kuoneke bwino.

Tendayo inali yoika magetsi a dzuwa pa malo 40. Pa ndandanda ya mitengo panali mzere wa mabatire, ndipo muyeso wake unali seti imodzi pa malo alionse. Tsamba lina, lofotokoza zipangizo, linanena momveka kuti seti imodzi ndi mabatire 4. Kotesheni imene tinalandira kwa otigulitsa inali ya batire limodzi. Mnzathu amene ankadzaza mitengo anatenga mtengo wa batire limodziwo n'kuuika pa seti, ndipo ine amene ndinayenera kuunika sindinaone. Choncho tinawerengera mabatire 40 pomwe ntchito inkafuna 160.

Chizindikiro choyamba chinaoneka tsiku lotsegula. Mitengo itawerengedwa pagulu, ife tinali pa 100, otitsatira anali pa 121, ndipo enawo anali pafupipafupi pamwamba pa 121. Makampani anzanu akaunjikana pamalo amodzi inu muli nokha pansi kutali, kawirikawiri si kuti mwawaposa nzeru. Pali chinthu chimene iwo awerengera ndipo inu mwachisiya. Tinatha masiku awiri tikutsata mzere ndi mzere, ndipo tsiku lachitatu tinachipeza. Mzere wa mabatire tinauika pa 6 m'malo mwa 24. Panasowa 18. Phindu limene tinkayembekezera pa ntchito yonse linali 9, kotero kugwira ntchitoyo kukanatidyera pafupifupi 9 kuchokera m'thumba mwathu, pakanapanda kuvuta china chilichonse.

Nthawi imene cholakwa chapezeka ndiyo imalamula zonse. Tikanachipeza nthawi yotseka isanakwane, nkhani ikanakhala yaing'ono. Zikalata zambiri za tenda, kuphatikizapo zimene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imagwiritsa ntchito, zimalola kutuluka, kusintha kapena kuika mapepala ena nthawi yotseka isanafike. Mumalemba kalata yosainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yosainira tenda, mumaphatikiza chikalata chomupatsa mphamvuyo, ndipo kalatayo ifike nthawi isanathe. Pa tsiku lotsegula amayamba kuwerenga makalata a otuluka, ndipo envelopu yanu imabwezedwa yosatsegula. Palibe amene waona mtengo wanu, ndipo chikole chimene munapereka pamodzi ndi tenda potsimikiza kuti simudzabwerera m'mbuyo n'chosakhudzidwa. Koma nthawi yotseka ikangodutsa, mtengo wanu umakumangani mpaka masiku amene munalonjeza atatha. Kwa ife anali masiku 90, ndipo tinali pa tsiku lachitatu.

A bwana mkubwa anayamba ndi funso limene aliyense amafunsa: "Kodi sitingawauze kuti akonze? Ngakhale titawonjezera 18 tikhala pa 118, tidzakhalabe otsika." Ndinawayankha kuti, "Bwana, zimenezo sizitheka, ndipo kungopempha kokha kutiipitsira mbiri." Ogula amakonza zolakwa za masamu zimene zikuoneka pa pepala penipenipo. Ngati mtengo wa chinthu chimodzi ukachulukitsidwa ndi kuchuluka kwake sukugwirizana ndi chiwonkhetso cha mzerewo, amatsatira mtengo wa chimodzi n'kukonza chiwonkhetso. Ngati mizere yawonkhetsedwa molakwika, amawonkhetsanso. Koma masamu athu anali olondola kuyambira pamwamba mpaka pansi. Cholakwika chinali mtengo wa chimodzi weniweniwo, ndipo uwo ndi umene malamulo amauyesa woona. Kuusintha titamva kale kuti otitsatira ali pa 121 kukanakhala kupereka mtengo watsopano titaona wa anzathu. Komiti younika imene ingalole zimenezi ingadziike yokha pa mlandu.

Kenaka tinatsegula zikalata kuti tione chimene tinasainira ngati chikole, pakuti kuopsa kwa kutuluka kumasiyana kwambiri malinga ndi mtundu wake. Pali chikole cha ndalama, chimene nthawi zambiri chimakhala kalata ya banki yolonjeza kulipira ogula akangoitanitsa. Palinso chikalata cha lonjezo chopanda ndalama, chimene mumasaina kuvomereza kuti mukatuluka nthawi isanathe mudzaletsedwa kupikisana nawo kwa nthawi imene yalembedwamo. Chachiwirichi chimaoneka chopepuka pa tsiku lopereka, koma pa tsiku lotuluka n'chimene chimapweteka, chifukwa kuletsedwako kumakutsatirani ndipo mafomu a tenda zina amafunsa za iko. Chathu chinali cha banki, 2 peresenti ya mtengo wathu. Choncho tinkayerekeza kutaya 2 ndi kutaya 9. Chikanakhala chikalata cha lonjezo, mwina ndikanalangiza kuti tigwire ntchitoyo moluza.

Loya wathu anatichenjeza kuti tisayembekezere kuti cholakwa chosachitira dala chitipulumutsa. Malamulo a maiko amasiyana pa mfundoyi. Khoti lalikulu la ku Canada, pa mlandu wa kampani ya Ron Engineering mu 1981, linagamula kuti kontrakitala amene anazindikira cholakwa chake tenda itatsegulidwa ataye chikole chake cha madola 150,000, chifukwa kupereka tenda pakokha kunali kale pangano. Malamulo ogulira zinthu a boma la Amerika amapereka mpata woti wolakwitsa aloledwe kutuluka ngati wapereka umboni wa cholakwacho. Zikalata zathu zinali mbali yolimbayo: wotuluka m'kati mwa masiku 90 angathe kulandidwa chikole.

Panali njira zina zitatu zimene zinatchulidwa m'chipindamo, ndipo zonse ndinazikana. Ina inali kukhala chete mpaka masiku 90 atatha. N'zoona kuti ogula akapempha kuti muwonjezere masiku a mtengo wanu muli ndi ufulu wokana osataya chikole, ndipo imeneyi ndi khomo loyera lotulukira ngati muli pafupi ndi mapeto. Koma kwa ife kunatsala masiku 87, ndipo tinali otsika kwambiri. Kalata yotipatsa ntchito ikanafika masikuwo asanathe, ndiye tikanakana kusaina kontrakiti komiti itamaliza kale ntchito yake yonse. Chikole chikanapitabe, ndipo mkwiyo wa ogula ukanakhala waukulu. Njira ina inali kudikira kuti iwo atifunse okha chifukwa chake mtengo wathu ndi wotsika modabwitsa, popeza zikalata zinali ndi ndime yotere, mwina n'kutikana popanda kukhudza chikole. Zikanatheka, koma sitikanadziwa ngati adzafunsa, ndipo akanafunsa tsiku limene tinazindikira cholakwacho tikanasowa choyankha chabwino. Njira yachitatu, yoti tidzigwetse dala posayankha mafunso a komiti, ndi chinyengo basi, ndipo anthu ounika amaidziwa.

Tinagwirizana zolemba kalata. Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni. A bwana analemba yoyamba okha usiku, ndipo inali ya masamba awiri. Inati tikutuluka "pa zifukwa zimene sitingathe kuziletsa", inati otigulitsa mabatire anatisokoneza, inati ndandanda ya mitengo sinali yomveka bwino, inapempha kuti chikole chibwezedwe poganizira ubale wathu wa zaka zambiri, ndipo inamaliza ndi kunena kuti ndife okonzeka kukambirana za mtengo woyenera. Ndinaimvetsa chifukwa chake anailemba choncho. Munthu amene wamanga kampani kwa zaka zambiri zimamuwawa kulemba kuti talakwitsa. Koma chiganizo chilichonse m'kalatamo chinali chotivulaza.

Mawu oti "zifukwa zimene sitingathe kuziletsa" amasiya wowerenga kuti adzaze yekha mpatawo, ndipo amadzaza ndi zoipa kuposa zoona. Wina aganiza kuti kampani yatha ndalama. Wina aganiza kuti tapeza ntchito ya mafuta kwina. Choopsa kwambiri, wofufuza za chuma amene adzatsegule failo imeneyi patapita zaka ziwiri adzaona kampani yotsika mtengo itachoka popanda chifukwa, ntchito n'kugwera kwa ya mtengo wokwera ndi 21. Chimenechi ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziwika za makampani amene apangana mwamseri kuti wina achoke mnzake apambane. Kalata yosatchula chifukwa imakuikani m'gulu limenelo ngakhale muli osalakwa.

Kuloza chala otigulitsa kunali bodza, chifukwa kotesheni yawo inalemba bwino kuti ndi batire limodzi. Ngakhale chikanakhala choona, ogula akanangomva kuti sititha kuyang'anira amene timagwira nawo ntchito. Kunena kuti ndandanda sinali yomveka kunali koipa koposa. Makampani ena onse anaimva. Nthawi yofunsa mafunso inalipo ndipo sitinafunse. Ndiponso amene analemba ndandandayo ndi amene adzawerenge kalatayo, ndipo munthu amene mwamuneneza amayamba kudziteteza polemba lipoti lokuipitsani. Za ubale wa zaka zambiri n'zosayenera kulembedwa kwa wogwira ntchito amene akuyenera kuchitira onse mofanana. Ndipo chiganizo chomaliza chija, chofuna kukambirana mtengo, chikanasandutsa kalata yonse kukhala njira yokwezera mtengo mwa kuopseza.

Kalata imene inapita inali ya tsamba limodzi. Pamwamba panali nambala ya tenda, dzina lake ndi tsiku lotsegula, ndipo inapita kwa wolandira makalata amene zikalata zinamutchula, osati kwa munthu amene timamudziwa. Mawu ake anali awa:

"Tikukudziwitsani kuti pa tsiku lachitatu chitsegulireni tenda imeneyi tapeza cholakwa pa mtengo umene tinapereka. Pa mzere wa mabatire tinaika mtengo wa batire limodzi m'malo mwa seti ya mabatire 4 imene zikalata zanu zinafuna. Zikalata zanu zinali zomveka pa mfundoyi, ndipo cholakwachi ndi chathu. Taphatikiza kotesheni imene tinagwiritsa ntchito, ya tsiku la m'mbuyo tenda isanatsekedwe, pamodzi ndi tsamba limene tinawerengerapo mtengowo.

"Chifukwa cha cholakwachi sitingathe kugwira ntchitoyi pa mtengo umene tinapereka popanda kuika pa chiswe ubwino wake ndi nthawi yomalizira. Sitikupempha kusintha mtengo. Tikupempha kuti mutilole kutuluka mu tenda imeneyi, ndipo talemba mwamsanga kuti komiti yanu isataye nthawi pa mapepala athu.

"Tikudziwa zimene zikalata zikunena pa za chikole ndipo tidzatsatira chimene mungagamule molingana ndi ndimeyo. Chisankhochi tachipanga patokha. Sitinakambirane ndi kampani ina iliyonse imene ikupikisana nawo, ndipo sitinalandire kapena kulonjezedwa kanthu. Tikupepesa chifukwa cha ntchito imene takuwonjezerani."

Pa mawu amodzi tinakangana ndi loya kwa ola lathunthu: kulemba kuti "tikupempha kuti mutilole kutuluka" kapena kuti "tatuluka". Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mukalemba kuti mwatuluka, mwachita kale chinthu chimene ndime ya chikole ikunena, ndipo ogula alibenso choti aganizire. Mukapempha, mwawasiyira mpata wogwiritsa ntchito mphamvu iliyonse imene malamulo awo amawapatsa, monga kukana mtengo wanu chifukwa ndi wotsika modabwitsa. Koma pempho lili ndi vuto lake. Likalembedwa mozungulira, ogula sadziwa ngati mulimo kapena mulibemo, ndipo angapitirize kukuunikani. N'chifukwa chake tinaika patsogolo pa pempholo chiganizo chosabisa choti sitingathe kugwira ntchitoyi pa mtengo umenewo. Loya ankafuna kuchichotsa, poopa kuti chikumveka ngati kukana kontrakiti. Ine ndinaumirira, chifukwa popanda icho kalatayo ikanakhala yosathandiza amene tinkawalembera.

Loya ankafunanso kuwonjezera mawu oti tikusunga ufulu wathu wonse wodzatsutsa. Mawu otere ali ndi malo ake ngati mukufunadi kudzalimbana pa za chikole. Ife tinali titawerengera kale kuti sitidzalimbana, ndiye akanangopangitsa kuti kalata yathu ichoke pa tebulo la wogula ipite kwa maloya awo, n'kuyamba kuwerengedwa ngati chiyambi cha mlandu. Anavomera kuti achoke. Kupepesa tinakulemba kamodzi kokha, ndipo tinapepesa pa chinthu chodziwika, ntchito imene tawawonjezera. Kalata yodzaza ndi kupepesa imaoneka ngati ya munthu amene akupempha chifundo, ndipo wogula sangapereke chifundo pa ndalama zimene si zake.

Chifukwa chimene tinatchulira cholakwacho mwatsatanetsatane n'chakuti zolakwa si zofanana pamaso pa ounika. Kulakwitsa polemba, monga kusokoneza batire limodzi ndi seti, kumatsimikizika ndi mapepala: aliyense angachulukitse 6 ndi 4 n'kupeza 24. Kulakwitsa poganiza, monga kuyerekeza kuti ntchito itenga miyezi itatu pomwe itenga isanu, kapena kuti mitengo ya zipangizo sikwera, kulibe umboni wotere, ndipo kumaoneka ngati mwangosintha maganizo mutaona mitengo ya anzanu. Ngati cholakwa chanu ndi cha mtundu wachiwiriwu, musachiveke zovala za woyamba. Nenani mwachidule kuti mwaunikanso ndipo simungathe, landirani za chikole, musiyire pomwepo. Pa umboni tinapereka mapepala awiri okha okhudza mzere umodziwo. Sitinatsegule mawerengedwe athu onse, chifukwa zimene zalowa m'failo ya tenda simudziwa kuti zidzaonedwa ndi ndani. Sitinatchulenso dzina la mnzathu amene anadzaza mzerewo. Kampani ndi imene inasaina, ndipo amene anaunika mosaona ndine.

A bwana ankafuna kuimbira foni mkulu wa zogula asanalandire kalatayo, kuti nkhani isamudzidzimutse. Mwaulemu wa tsiku ndi tsiku anali olondola. Koma nthawi ya kuunika zikalata zimaletsa kulankhula ndi ogula mwa njira ina kupatula kulemba, ndipo foni yotereyi ikanaika munthuyo pa mavuto, chifukwa akanayenera kuiulula. Tinapereka kalata pamanja tsiku lachinayi, anatidindira kope yathu, ndipo tinatumizanso pa imelo imene inalembedwa m'zikalata. Anasaina ndi a bwana omwewo amene anasaina tenda, ndi chikalata chawo cha mphamvu. Tsiku lomwelo tinadziwitsa banki yathu kuti chikole chingaitanitsidwe, ndipo tinaika ndalamayo pambali. Banki imalipira ikangoitanitsidwa, siifunsa ngati mukuvomereza, ndipo ndi bwino kuti imve kwa inu isanamve kwa ogula.

Yankho linabwera patapita masiku 12. Anati alibe mphamvu yotilola kutuluka popanda chilango, anapempha kuti titsimikize ngati tikutulukadi, ndipo anati tikatero adzaitanitsa chikole. Tinayankha ndi mizere itatu: tikutsimikiza kuti tikutuluka pa chifukwa chimene tinafotokoza m'kalata yoyamba, tamva za chikole, ndipo banki yathu yadziwitsidwa. Chikole chonse chinapita. Kalata yabwino sinatipulumutsire ndalamayo, ndipo amene angakuuzeni kuti pali mawu amene angatero pa zikalata zolimba ngati zimenezi akukunamizani. Chimene inachita n'chakuti nkhani inathera pa chikole. Sanatitumize kuti tikaletsedwe, ndipo sanatiitane kukafunsidwa za kupangana.

Patapita sabata zingapo, kampani imene inapatsidwa ntchitoyo inatiimbira kutipempha kuti tiwagwirire malo 10 mwa 40 aja. Mtengo unali wabwino ndipo antchito athu anali opanda chochita. Tinakana, ndipo tinakana polemba. Kampani imene yachoka mu tenda kenaka n'kupezeka ikugwira gawo la ntchito yomweyo pansi pa wopambana imaoneka ndendende ngati yalipidwa kuti ichoke. Tikanavomera, chiganizo chathu chija choti sitinalandire kanthu chikanaoneka ngati bodza, ngakhale chinali choona tsiku limene tinachilemba.

M'kati mwa kampani tinagwirizana chiganizo chimodzi choti aliyense azinena akafunsidwa ndi otigulitsa kapena anzathu a ntchito: tinalakwitsa mtengo pa mzere umodzi, tinadziwitsa ogula m'masiku anayi, tinalipira chikole. Tinatero chifukwa mbiri imawonongekanso pamene kalata ikunena china, wogulitsa wa kampani akunena china, dalaivala akunenanso china. Tinasinthanso kaunikidwe kathu. Tsopano pa mizere isanu ya mtengo waukulu, munthu wina amene sanadzaze nawo amaika kotesheni pambali pa ndandanda n'kuwerenga mokweza muyeso wa mbali zonse ziwiri, asanayang'ane nambala.

Patatha miyezi 14, bungwe lomwelo linatulutsa tenda ina, ndipo fomu yake inafunsa ngati tinalandidwapo chikole m'zaka zapitazi. Tinayankha kuti inde, tinalemba nambala ya tenda ija, ndipo tinaphatikiza makalata athu awiri monga analili, osawonjezera kufotokoza kulikonse. Komiti inatifunsa funso limodzi lolemba, lofuna kudziwa chimene tinasintha pa kaunikidwe ka mitengo, ndipo tinayankha ndi ndime imodzi. Tinadutsa gawo loyenereza ndipo mtengo wathu unaunikidwa pamodzi ndi ya ena. Tendayo sitinapambane, tinakhala achiwiri.